Mtengo wa a Msomali

A Msomali anayamba kupala matabwa ndevu zisanamere, ndipo pamene nkhani ino ikuchitika ndevuzo zinali zitayera kale. Dzinalo anawapatsa ndi anzawo a pamsika chifukwa anali woonda, wowongoka, ndipo akalowa pa mfundo kuwazula kwake kunali kovuta. Shedi yawo inali kuseri kwa mashopu ogulitsa malata ndi utoto. Munali macheka atatu, nyundo ya mpini wosalala ndi thukuta, ndi benchi lalitali la mlombwa limene bambo awo anakhoma okha. Benchilo linali ndi zipsera za tchizulo za zaka makumi asanu, ndipo pakona pake panali bowo limene a Msomali anaboola ali mwana, n'kukwapulidwa nalo bwino lomwe.

Chimene chinawagwetsa ndi pulasitiki. Mipando ya pulasitiki, matebulo a pulasitiki, ngakhale mashelefu. Munthu wa nzeru zake n'kusiya mpando woti adzakhalire ndi zidzukulu, n'kukagula chinthu chimene chimatambasula miyendo mlendo wonenepa akangotsamira. Zinkawawawa a Msomali, makamaka poti wobweretsa zinthuzo ankamuona tsiku lililonse. Anali mayi wa shopu ya kutsogolo, amene aliyense ankamutcha Mayi Pulasitiki. Kawiri pamwezi ankakwera lole kupita kutsidya kwa malire, n'kubwera itasanja mipando mpaka kumwamba. A Msomali sankawapatsa moni wa pakamwa, ankangotukula chibwano.

Chaka chimenecho maoda anauma ndithu. Pakhomo pankadyedwa ndalama za mazira amene akazi awo ankagulitsa. Ndiye kunabwera alamu awo, mchimwene wa akaziwo, munthu wokonda kukonza moyo wa anzake. Anati kumene amagwira ntchito kukufunika mlonda wa masana, ndiponso pali wina wogulitsa nyama amene akufuna benchi lolimba loduliramo mafupa. Mvula yoyamba ikagwa shedi isanabweze mpamba, benchi ligulitsidwe, bambo avale yunifolomu. A Msomali anavomera ndi mutu wokha. Zoti benchi la bambo awo likhale lodulirapo ziboda za ng'ombe zinawakhala pakhosi ngati munga wa nsomba.

Pofuna kuti manja asachite dzimbiri, anakhoma ming'oma iwiri ya njuchi, ya paini, yokhala ndi timatabwa ta pamwamba toyezedwa bwino ndi chivundikiro cha lata. Anaiika panja pa shedi. Tsiku lina mayi wina wa kutsidya, amene anabwera kudzagula utoto, anaima pomwepo. Anavundukula, anatulutsa kathabwa kamodzi, n'kukayeza ndi chala. Anati iye ndi wapampando wa gulu la alimi a njuchi, ndipo ming'oma imene amagula kwawo imakhala ndi mipata yoti nyerere zimalowa ngati kwawo. Anafuna isanu yoyesera, ikafike kutsidya. Ikakhala bwino adzaitanitsa makumi atatu. Kenaka anafunsa mtengo, m'ndalama za kwawo.

A Msomali anati adikire pang'ono, n'kuthamangira kosinthira ndalama. Pabolodi panali manambala awiri, 60 ndi 66. Sanafunse chifukwa chake ali awiri. Anasankha wamkuluyo, poti ndi umene unawakomera m'maso. Mng'oma ankaugulitsa 33,000 ya kuno, ndiye anagawa ndi 66, n'kubwerera akumwetulira kukanena kuti uliwonse ndi 500 ya kutsidya. Wapampando sananenerere n'komwe. Zimenezo zokha zikanawachenjeza, koma munthu amene wakhala miyezi itatu wopanda oda samva belu.

Tsiku la ulendo anakweza ming'omayo pa kagalimoto ka hayala mpaka paboda. Chiphaso choolokera anali nacho, cha masiku ochepa, ndipo ankaganiza kuti mapepala athera pomwepo. Wapachipata anawalozera kachipinda ka pambali, kumene kumakhala mayi wothandiza amalonda ang'onoang'ono kulemba mafomu. Munali mzere wa azimayi a mabeseni ndi matumba, fani yosazungulira, ndi cholembera chomangidwa ndi chingwe. Mayi wa padesikiyo anawapatsa fomu ya m'chilankhulo cha maofesi, ndipo ataona kuti bambowa akuiyang'ana ngati kalata ya kukhoti, anayamba kuwalozera ndi chala. Apa dzina. Apa katundu. Apa kuchuluka kwake. Apa mtengo.

A Msomali analemba mosamala, lilime lili panja pang'ono. Atabweza fomuyo, mayi uja anaiwerenga, anavula magalasi, n'kuiwerenganso.

"Bambo, pa mtengo apa mwalemba chiyani?"

"Paini," anatero a Msomali. "Wouma bwino."

Chipinda chonse chinagwa nacho chiseko. Woseka kwambiri, mpaka kugwira khoma, anali kumbuyo kwawo pamzere, ndipo anali Mayi Pulasitiki. Mmisiri wa zaka makumi anayi pa ntchito, ukamufunsa mtengo wa chinthu, ayankha chiyani? Komabe manyazi anawagwira a Msomali mpaka m'makutu munatentha.

Mayi wa padesiki anapukuta misozi n'kunena kuti asadandaule, mtengo umenewo ukufunikanso, koma pa pepala lina, ndipo pepalalo alibe. Katundu wa matabwa satuluka popanda chilolezo cha a zankhalango, chosonyeza kuti matabwawo anagulidwa kwa ocheka ovomerezeka, ndi chikalata cha oyeza zomera chonena kuti mulibe tizilombo. Anawafotokozeranso za kafomu kena, kotsimikiza kuti katunduyo anapangidwa m'dziko momwemo. Kafomuko kakadindidwa, ndipo katundu akakhala pa mndandanda umene maiko awiriwo anagwirizana, kutsidya salipiritsa msonkho wolowetsera katundu. Anatsetsereka ndi chala pa mndandanda wa pakhoma n'kupeza zinthu za matabwa zilipo. Koma msonkho wa pa malonda, anatero, umenewo ngwosathawika.

Ming'oma inakhala m'nyumba yosungira katundu masiku atatu, tsiku lililonse ndi ndalama yake, a Msomali akuyendera maofesi ndi malisiti a kocheka matabwa. Itaoloka, alimi anaikonda. Koma gulu silitulutsa ndalama popanda msonkhano, ndipo msonkhano unali patatha milungu itatu. Pamene 2,500 ya ming'oma isanuyo inkafika m'manja mwawo, ndalama ya kutsidya inali itagwa mphamvu. Mtsikana wa kosinthira ndalama anawawerengera pa 55. Atafunsa za 66 uja, anawauza mwaulemu kuti nambala yaikulu ndi imene iwo amagulitsira ndalama, yaing'ono ndi imene amagulira, ndipo wobwera ndi ndalama za kunja amalandira yaing'onoyo. M'malo mwa 165,000 imene ankaiona kale m'maloto, anatuluka ndi 137,500. Atachotsa matabwa, misomali, malata, hayala, zilolezo, kosungira ndi msonkho, anapeza kuti wagwira ntchito mwezi wathunthu n'kuwonjezerapo za m'thumba.

Akazi awo sanakalipe. Anamvetsera zonse akusanja mazira m'mathireyi, kenaka anati safunsa anadya phula, ndipo kwa munthu wokhoma ming'oma ya njuchi mwambiwo ukuchita kumukwana ngati chipewa. Anati iwo dzira saligulitsa poyang'ana chakudya chimene nkhuku inadya dzulo, koma chimene akagule mawa. Kenaka ananena chinthu chimene a Msomali sankafuna kumva: munthu wodziwa za paboda ali pa mphuno pawo pomwepo, ndipo chibwano chotukula sichinadyetsepo munthu.

Uthenga wa Wapampando unabwera sabata yomweyo. Njuchi zalowa m'ming'oma inayi mwa isanu ija, gulu likufuna makumi atatu, pa mtengo womwe uja. A Msomali anazungulira shedi kawiri, anasesa utuchi umene unali woseseka kale, kenaka anavula chipewa n'kukalowa m'shopu ya pulasitiki, koyamba m'moyo wawo.

"Takulandirani, a Paini," anatero Mayi Pulasitiki, akuwakokera mpando. Unali wa pulasitiki, wobiriwira. Anakhalapo m'mphepete mokha.

Mayiyo anali woseka, koma sanali woipa mtima. Anati nayenso ulendo wake woyamba anasintha ndalama kwa anyamata a pamsewu, n'kupeza pakati pa mpukutu pali mapepala odula. Anatenga katoni yong'ambika n'kuyamba kuwafunsa chimodzichimodzi. Matabwa a mng'oma umodzi ndi angati? Lata limodzi limatulutsa zivundikiro zingati? Nanga tsiku lawo la ntchito amaliwerengera bwanji? Apa a Msomali anakanda kumutu, chifukwa manja awo sanawaikepo mtengo chibadwire. Mayiyo anawonjeza zilolezo, mayendedwe, msonkho wa kutsidya, chakudya cha panjira, ndi kenakake ka zogwa mwadzidzidzi. Zonse pamodzi ndi phindu zinafika 42,000 pa mng'oma.

Ndiye anawapatsa malamulo atatu, akugogoda katoniyo ndi cholembera. Mtengo ulembedwe m'ndalama imene amagulira matabwa, osati ya kutsidya. Ogulawo alipire m'ndalama zawo, koma pa nambala yaing'ono ya pabolodi ya tsiku lolipiralo. Theka lilipidwe ntchito isanayambe, ndipo ndalamayo isagone m'nyumba, isanduke matabwa tsiku lomwelo, chifukwa thabwa siligwa mphamvu. Ndipo mtengo ukhale ndi tsiku lothera, milungu iwiri, osati kukhala ngati lumbiro la ukwati. Anawerengera katundu yense n'kuona kuti sakupyola malire a fomu ya amalonda ang'onoang'ono ija, moti sipafunika kulemba ejenti woolotsa katundu paboda. Pomaliza, ngati akungokumbukira, anati lole yake imapita kutsidya yopanda kanthu, ikungonyamula mphepo. Akathira theka la mafuta a ulendo wopita, ming'oma ikwera.

A Msomali anatuluka m'shopumo mutu uli wolemera. Lole yomwe ija imene inawaphera ntchito ndiyo inali kudzawanyamulira katundu.

A Msomali anaimbira foni Wapampando n'kumuuza mtengo watsopano. Mayiyo anati wakwera kwambiri, ndipo alimi sazolowera kuwerenga m'ndalama za eni. A Msomali nthawi inkawathera, poti kumwamba mitambo inali itayamba kusonkhana masana aliwonse, ndipo alamu awo anali atabwera kale ndi tepi kudzayeza benchi. Koma dzina lija sanalitole pamsewu. Anati mtengo woyamba unali wolakwika, wolakwitsa ndi iwo, ndipo sangaubwereze. Anawerengera mayiyo zonse zimene zinali pa katoni, osabisa ngakhale phindu lawo. Patatha masiku asanu ndi anayi pepala linabwera litasainidwa ndi Wapampando ndi msungichuma wa gulu, ndipo theka la ndalama linafika kudzera ku ofesi yotumizira ndalama, pa 56. Dzuwa lisanapendeke thekalo linali litasanduka mulu wa paini, malata ndi makilogalamu a misomali, malisiti onse ali m'jumbo.

Milungu isanu shedi inalira ngati kale. Oyandikana nawo anayamba kudandaula za phokoso, ndipo a Msomali ankamva kukoma kudandaulidwa. Sabata yachitatu matabwa anakwera mtengo kocheka. Iwo anangomva ngati nkhani ya kumudzi kwa ena. Mapepala anawayendera ntchito ili mkati, osadikira tsiku lomaliza. Woyeza zomera anabwera kudzagogoda ming'oma ndi kuyang'ana timabowo ta tizilombo, sanapeze, anadinda.

Paboda, mayi wa padesiki anawazindikira asanafike n'komwe kutsogolo kwa mzere. Anawapatsa fomu akudziluma milomo. A Msomali analemba okha, bokosi lililonse, ndipo pa mtengo anaika manambala ofanana ndendende ndi a pa pepala la mgwirizano. Kenaka anatulutsa chilolezo cha zankhalango n'kuloza pamene panalembedwa paini. Mitengo yonse iwiri ilipo, anatero, uliwonse pa nthambi yake. A kasitomu anakwera pa lole, anawerenga makumi atatu, anadinda. Kutsidya analipira msonkho wa pa malonda, umene unali kale mu mtengo, ndipo msonkho wolowetsera katundu sanawafunse. Zonse zinatha tiyi wa m'fulasiki ya Mayi Pulasitiki asanazizire.

Vuto linawadikira ku nyumba ya gulu, chipinda cha simenti chonunkhira utsi ndi phula, m'mene munali sikelo, zidebe zoyera ndi alimi khumi ndi awiri pa mabenchi. Ndalama ya kutsidya inali itagwanso. M'mawa umenewo bolodi linkati 50. Msungichuma, bambo wa jekete lalikulu ndi kabuku m'manja, anaika patebulo 11,250, chimodzimodzi ndi theka loyamba, n'kunena kuti theka ndi theka, mwana wa sukulu aliyense akudziwa. Pa nambala ya tsikulo pankafunika 12,600.

A Msomali anayang'ana ndalamazo. Sizinali zochepa kwa munthu amene anakhala miyezi wopanda oda, ndipo lole inali panja, dalaivala akuliza hutala. Kungotola n'kunyamuka kunali kosavuta. Koma anawerengera mumtima n'kuona kuti chosowacho chikudya gawo lalikulu la phindu lawo, lomwe lija loti liimike shedi. Anayang'ananso alimiwo. Sanali akuba. Ndalama yawo inawasungunukira m'manja monga momwe inachitira kwa a Msomali ulendo woyamba, ndipo ululu wake ankaudziwa.

Anatulutsa pepala la mgwirizano, analiyala patebulo, n'kupempha Wapampando kuti awerenge mokweza mzere wachitatu. Mayiyo anawerenga. Msungichuma anati pepala ndi pepala, koma anthu ndi anthu.

"Zoona, bambo," anatero a Msomali. "Inenso ndine munthu. Ulendo watha ndalama yanu itagwa, inagwera ine, ndipo sindinabwere kudzalira pano. Lero sindikupemphani zimene mulibe. Ndalama zili apazi, pamodzi ndi zoyamba zija, zikukwana ming'oma 28, n'kutsalako chenji chanu. Iwiriyo ndi yanga."

M'chipindamo munayamba manong'onong'o. Msungichuma anawerengera m'kabuku kake kawiri, n'kuvomera monyinyirika kuti masamuwo ali bwino, ndipo akadapanda kulipira theka kale pa 56, bwenzi lero akulira kwambiri. Wapampando anati mmisiri akatsika mtengo mpaka kutseka shedi, chaka chamawa adzagula kwa ndani, kwa uja wa mipata ya nyerere? Nkhani inathera pomwepo. Ming'oma iwiri yotsalayo sinakwerenso lole. Mphunzitsi wina wopuma ntchito, amene sanali wa gululo koma anangobwera kudzaonerera, anaigula pomwepo pa mtengo wa tsikulo, n'kufunsa ngati angapeze ina khumi mwezi wamawa. A Msomali anamuuza kuti mtengo umene amupatse ukhala wa milungu iwiri yokha. Mayi Pulasitiki, ataima pakhomo, anatembenukira kumbali kuti asaoneke akuseka.

Ndalamazo sanagone nazo. Pobwerera anazionetsa paboda monga mwa lamulo, anazisintha tsiku lomwelo pa kauntala yokhala ndi chilolezo, n'kusunga lisiti. Kunyumba anaziika pa thireyi ya mazira yopanda kanthu, pamaso pa akazi awo. Mayiwo anaziwerenga, anaziwerenganso, kenaka anafunsa ngati bambo adya. Zaka makumi atatu za banja, a Msomali ankadziwa kuti funso limenelo ndiye nthungululu zawo.

Mvula yoyamba inagwa Lachiwiri masana, ya madontho akuluakulu onunkhiritsa fumbi. Lachitatu m'mawa alamu aja anafika monga anapanganirana, ali ndi wogulitsa nyama uja ndi ngolo yoti inyamule benchi. Anapeza shedi yodzaza paini mpaka kudenga, oda ya mphunzitsi itayambika, ndipo pakhoma, pamene kale pankapachikidwa kalendala, pali katoni yong'ambika ya manambala itakhomedwa ndi misomali inayi. Alamuwo anayamba kufotokoza kuti yunifolomu yapezeka ya saizi yawo, koma ataona mulu wa painiwo nkhaniyo anaisiya.

Wogulitsa nyama sanaone zonsezo. Maso ake anali pa benchi. Analizungulira, analimenya ndi chikhatho, anayesa kulitukula n'kulephera, ndipo anagwedeza mutu mokhutira. Anapisa dzanja m'thumba n'kufunsa kuti, bambo, tisachedwetsane, mtengo wake ndi chiyani?

A Msomali anachotsa pensulo kukhutu, anapemerera utuchi umene unali pa bowo la pakona lija, n'kuyika thabwa lina pa benchi.

"Mlombwa," anatero, n'kuyamba kupala.